Kanema watsika koma alibe mawu: mmene mungapezere mawuwo ndi kuwalumikiza

Mnzanga wina yemwe amaphunzitsa masamu anandibweretsera fulashi tsiku lina ali wokhumudwa. Anali atajambula phunziro lake la mphindi 42 n'kuliika pa YouTube, kenako kompyuta yomwe munali kanema woyambirira inawonongeka. Atalikopa phunzirolo kuchokera pa intaneti kuti akhalenso nalo, zithunzi zinatuluka zowala bwino, choko chikuoneka pa bolodi, milomo yake ikugwedera, koma mawu zii. Anakweza voliyumu mpaka pamapeto, anasintha mahedifoni, anabwereza kukopa katatu. Ulendo uliwonse zinali chimodzimodzi.

Ndinamufunsa funso limodzi: mu foda imene kanemayo anafikira munali fayilo imodzi kapena awiri? Anati munalinso kafayilo kena kakang'ono ka dzina lofanana, koma anakasiya poganiza kuti ndi zinyalala za pulogalamu. Mawu ake onse anali m'kafayilo komweko.

Vuto lotereli silichokera ku sipika, ndipo nthawi zambiri kanemayo sakhala atawonongeka. Kubwereza kukopa n'kungotha data pachabe ngati simunasinthe kakopedwe. Choyamba tione chimene chimachitika, chifukwa mukachimvetsa masitepe enawo savuta.

Fayilo yomwe dzina lake limathera ndi `.mp4`, `.mkv` kapena `.webm` ili ngati bokosi chabe. M'kati mwake mumakhala mizere yosiyana: mzere wa zithunzi, mzere wa mawu, nthawi zina ndi mzere wa mawu olembedwa m'munsi mwa kanema. Mapulogalamu amaonetsa mzere uliwonse ndi dzina loti `Stream`. Bokosi likhoza kukhala ndi mzere umodzi wokha, n'kumatsegukabe bwinobwino popanda kudandaula chilichonse. Choncho dzina loti `.mp4` silikulonjezani kuti mawu alimo.

Masamba akuluakulu oonetsa makanema amasunga mizere iwiriyi padera mwadala. Njira ziwiri zotchuka zotumizira kanema ndi HLS, yomwe kampani ya Apple inatulutsa mu 2009, ndi MPEG-DASH, yomwe inavomerezedwa ngati muyezo wa dziko lonse lapansi mu 2012. M'njira zimenezi kanema mmodzi amasungidwa m'misinkhu ingapo, monga 360p, 720p ndi 1080p, ndipo amatumizidwa m'tizidutswa ta masekondi ochepa. Netiweki ikafooka, choonetsera kanema chimatsikira pa zithunzi za msinkhu wotsika, ikalimba chimakwereranso. Nthawi yonseyi mawu amangopitirira osaduka, pakuti akubwera mwa njira yawoyawo. Mwina munaonapo kanema akuchita chimbuuzi kwa kanthawi koma wolankhula osaima. Ubwino wina kwa eni tsamba ndi woti mawu amodzi omwewo amatumikira misinkhu yonse ya zithunzi, komanso akhoza kuika zilankhulo zingapo popanda kusunga zithunzi kambirimbiri.

Pamene mukuonera pa intaneti, bulawuza ndiyo imatenga mizere iwiriyo n'kumaiseweretsa pamodzi. Kulumikizako kumachitikira m'foni kapena m'kompyuta mwanu, nthawi yomweyo, ndipo sikusungidwa paliponse. Ndiye pulogalamu yokopera ikangogwira adiresi ya zithunzi yokha, imakupatsani theka la kanema. Ikagwira zonse ziwiri koma n'kulephera kuzilumikiza, imakusiyirani mafayilo awiri, monga zinamuchitikira mnzanga uja.

Mawu amodzi tisanapitirire: zomwe ndikufotokozazi zichiteni pa kanema wanu, kapena amene mwini wake analola kuti anthu azikopa. Masamba ambiri ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi.

Yambani ndi kufufuza m'bokosimo

Musakonze kanthu musanadziwe kuti mzere wa mawu ulimo kapena mulibe. Sitepe iyi anthu ambiri amaidumpha, koma ndi imene imakuuzani njira yoti mulowere.

Njira yosavuta ndi ya VLC pa kompyuta. Tsegulani kanemayo, dinani `Tools`, kenako `Codec Information`, kapena mungodina `Ctrl+J`. Kanema wathunthu amaonetsa mizere iwiri: wina wolembedwa `Type: Video`, wina `Type: Audio`. Mukaona wa `Video` wokha, ndiye kuti mawu mulibemo, ndipo palibe batani la voliyumu lomwe lingawabweretse.

Ine ndimakonda ffprobe, kapulogalamu kamene kamabwera limodzi ndi pulogalamu yolumikizira ndi kusinthira makanema ya ffmpeg, chifukwa kamanena zonse mwachindunji. Mumalemba lamulo ili pa malo olembera malamulo a kompyuta:

```
ffprobe -hide_banner phunziro.f137.mp4
```

Pa fayilo ya mnzangayo, mizere yofunika pa zimene zinatuluka inali iyi, ndachotsapo zina zazitali:

```
Duration: 00:42:00.04
Stream #0:0: Video: h264, 1920x1080, 30 fps
```

`Stream #0:1` wa `Audio` panalibe. Apa ndiye tinatsimikiza. Onaninso dzina la fayiloyo. Kachidutswa ka `.f137` kamene kali pakatipo ndi chizindikiro chimene pulogalamu yokopera makanema ya yt-dlp imaika pa fayilo yomwe ikudikira kulumikizidwa ndi inzake. Nambala 137 pa YouTube ndi ya zithunzi zokha za 1080p, ndipo mnzake amene amayenda naye kawirikawiri ndi 140, yomwe ndi ya mawu okha. Mukaona dzina lotere, dziwani kuti ntchito inathera panjira.

Funani fayilo yachiwiri

Bwererani mu foda imene pulogalamu yanu imasungira zokopa, musanje mafayilo potsata nthawi imene analowa. Funani fayilo ya dzina lofanana yothera ndi `.m4a` kapena `.webm`. Chenjerani ndi `.webm`, chifukwa ikhoza kukhala ya zithunzi kapena ya mawu okha, ndiye musaiweruze ndi dzina. Ifunseni ffprobe.

Kukula kwa fayilo kumathandiza kudziwa ngati mawuwo ndi athunthu. Mzere wa 140 umayenda pa makilobiti pafupifupi 128 pa sekondi. Mphindi 42 ndi masekondi 2,520. Mukachulukitsa 2,520 ndi 128, n'kugawa ndi 8 kuti mabiti asanduke mabaiti, mupeza makilobaiti pafupifupi 40,300, omwe ndi mamegabaiti 40. Mwachidule, mphindi iliyonse imadya pafupifupi megabaiti imodzi. Kafayilo ka mnzanga, `phunziro.f140.m4a`, kanali ka mamegabaiti 40 n'kadontho, ndipo ffprobe inaonetsa kutalika kwa mphindi 42. Kakanakhala ka mamegabaiti 11, tikanadziwa kuti kukopa kunadukira panjira. Fayilo yothera ndi `.part` nayonso ndi yosamaliza, musataye nayo nthawi.

Ngati mukungofuna kuonera kamodzi, VLC ikhoza kuseweretsa mafayilo awiriwo limodzi. Dinani `Media`, `Open Multiple Files`, muike fayilo ya zithunzi, muchonge `Show more options`, kenako muchongenso `Play another media synchronously` n'kusankha fayilo ya mawu. Izi zimathandizanso poyesa ngati awiriwo akugwirizanadi. Koma sizisintha mafayilowo, ndiye mukatumizira munthu wina kanemayo adzafikabe wopanda mawu.

Kulumikiza

Apa ndi pamene pamafunika ffmpeg. Ndi pulogalamu yaulere, ndipo mapulogalamu ambiri okopera makanema amaidalira polumikiza mizere. Kuti mudziwe ngati ilipo pa kompyuta yanu, tsegulani malo olembera malamulo mulembe `ffmpeg -version`. Ikayankha ndi nambala, ilipo. Ikanena kuti lamulolo silikudziwika, iikeni: pa Windows ndi `winget install Gyan.FFmpeg`, pa Ubuntu ndi `sudo apt install ffmpeg`, pa Mac yomwe ili ndi Homebrew ndi `brew install ffmpeg`. Mukamaliza kuika pa Windows, tsekani windo la malamulolo mulitsegulenso, apo ayi lizingokuuzanibe kuti ffmpeg kulibe.

Lowani mu foda yomwe muli mafayilo awiriwo, mulembe lamulo ili:

```
ffmpeg -i phunziro.f137.mp4 -i phunziro.f140.m4a -map 0:v:0 -map 1:a:0 -c copy phunziro.mp4
```

Ndifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa lamulo lomwe munthu akulimvetsa saliiwala. `-i` aliyense akulowetsa fayilo imodzi, ndipo ffmpeg imawerenga kuyambira pa 0. Choncho fayilo ya zithunzi ndi 0, ya mawu ndi 1. `-map 0:v:0` akutanthauza kuti mu fayilo 0 tenga mzere woyamba wa zithunzi. `-map 1:a:0` akutanthauza kuti mu fayilo 1 tenga mzere woyamba wa mawu. Mukasinthanitsa mafayilo koma osasintha manambalawa, ffmpeg idzadandaula kuti `matches no streams`, chifukwa mwaituma kukafuna zithunzi m'fayilo ya mawu.

Mbali yofunika koposa ndi `-c copy`. Imauza ffmpeg kuti isakhudze zithunzi kapena mawu, ingozinyamula mmene zililimo n'kuziika m'bokosi limodzi latsopano. Ubwino wa kanema sutsika ngakhale pang'ono, ndipo ntchito imatha msanga. Pa kompyuta yanga phunziro lonse la mphindi 42 linalumikizidwa m'masekondi owerengeka. Mukaiwala `-c copy`, ffmpeg imayamba kukonzanso chithunzi chilichonse kuchokera pachiyambi. Mudzamva fani ya kompyuta ikulira, mudzadikira nthawi yaitali, ndipo kanema wotulukayo adzakhala wotsikirapo poyerekeza ndi woyamba. Mapulogalamu ena osinthira makanema amachita zimenezi popanda kukuuzani, n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti munthu aphunzire lamulo limodzi lokhali m'malo modalira iwo.

Dzina lomaliza ndi la fayilo yatsopano, ndipo lisafanane ndi la fayilo iliyonse yolowa. Ngati maina a mafayilo anu ali ndi mipata, atsekereni m'zizindikiro izi `" "`, kapena muyambe mwawasintha akhale afupi.

Ikatha, bwerezani ffprobe pa `phunziro.mp4`. Muyenera kuona mizere iwiri, ndipo kukula kwa fayilo kukhale pafupifupi kuphatikiza kwa awiri aja. Kenako tsegulani kanemayo muone poyambira, pakati ndi kumapeto. Musafufute mafayilo akale musanachite zimenezi. Mnzanga uja atamva mawu ake akutuluka akuti "tsegulani mabuku", anakhala kaye chete, kenako anadumphira kumapeto kuti atsimikize kuti milomo ndi mawu zikuyenderabe limodzi.

Ngati fayilo ya mawu kulibiretu

Apa pamafunika kukopanso, koma osati zonse. Zithunzi muli nazo kale, ndipo ndi zimene zimadya data yambiri. Ndi yt-dlp, yambani mwaona mizere yomwe tsambalo lili nayo:

```
yt-dlp -F ADIRESI
```

Pa `ADIRESI` ikanipo adiresi ya kanemayo. Mndandanda umene ukubwera umakhala wautali, koma inu onani mawu oti `audio only` ndi `video only`. Mwachidule umaoneka chonchi:

```
140  m4a   audio only
251  webm  audio only
18   mp4   640x360
137  mp4   1920x1080  video only
```

Nambala 18 ilibe mawu awiri aja chifukwa ndi kanema wathunthu, zithunzi ndi mawu m'bokosi limodzi, koma wa 360p basi. Apa mukuona chifukwa chimene anthu amati "ndikakopa wotsika mawu amakhalapo, ndikasankha wapamwamba mawu amasowa". Sikuti wapamwambayo ndi wowonongeka. Amangosungidwa payekha.

Kuti mutenge mawu okha, lembani `yt-dlp -f 140 ADIRESI`, kenako mulumikize monga tachitira pamwambapa. Ulendo wina, pokopa kanema watsopano, pemphani zonse ziwiri nthawi imodzi ndi `-f 137+140`. Chizindikiro chophatikizacho chimauza pulogalamu kuti itenge mizere iwiri n'kuilumikiza yokha. Manambalawa ndi a YouTube, masamba ena ali ndi awo, ndipo si kanema aliyense amene amakhala ndi onse, ndiye muziyamba ndi `-F`. Kunena zoona, mukapanda kulemba `-f` n'komwe, yt-dlp imasankha yokha zithunzi ndi mawu abwino n'kuzilumikiza, bola ffmpeg ikhalepo. Ikasowa pamene inu mwapempha mizere iwiri, imalemba chenjezo lokhala ndi mawu oti `ffmpeg is not installed`, n'kukusiyirani mafayilo awiri. Chenjezolo limadutsa msanga pakati pa mizere yambiri, ndipo mnzanga sanalione. Cholakwika china chofala ndi kulemba `-f bestvideo` poganiza kuti akutanthauza kanema wabwino koposa. Akutanthauza zithunzi zokha zabwino koposa, popanda mawu.

Amene mumagwiritsa ntchito timapulogalamu towonjezera pa bulawuza, muziona bwino mndandanda umene timakupatsani. Tina timaika kachizindikiro ka sipika yodulidwa kapena mawu oti `no audio` pambali pa misinkhu yapamwamba. Ndipo ngati mumafufuza nokha adiresi podina `F12` n'kupita pa `Network`, musatenge fayilo yaikulu yoyamba kuoneka. Funani fayilo yolondolera, yothera ndi `.mpd` pa DASH kapena `.m3u8` pa HLS, chifukwa ndi imene imatchula mizere yonse. Pa HLS pamakhala ma `.m3u8` angapo. Wamkulu ndi amene m'kati mwake muli mizere yoyamba ndi `#EXT-X-STREAM-INF`, ndipo ngati mawu ali padera mumakhalanso `#EXT-X-MEDIA:TYPE=AUDIO`. Mukatenga wa msinkhu umodzi wa zithunzi m'malo mwa wamkuluyo, mawu muwasiya m'mbuyo.

Mzere wa mawu ulimo, koma sakumveka

Ili ndi vuto lina, ndipo limasokoneza anthu chifukwa kunja limaoneka chimodzimodzi. ffprobe ikuonetsa `Audio`, pa VLC mawu akumveka, koma pa wailesi yakanema kapena pa foni ina kuli zii. Apa vuto ndi kodeki, kutanthauza njira imene mawuwo anapanikizidwira kuti achepe. Chipangizo chilichonse chili ndi makodeki amene chimawadziwa. Chikakumana ndi yachilendo, chimaonetsa zithunzi n'kungowadumpha mawuwo, nthawi zina popanda uthenga uliwonse.

Onani dzina lomwe labwera pambuyo pa `Audio:` mu ffprobe. Mukapeza `aac`, pafupifupi chipangizo chilichonse chimaidziwa. Mukapeza `opus`, yomwe ndi ya nambala 251 ija, dziwani kuti ndi kodeki yabwino ndithu koma zipangizo zambiri zakale siziiwerenga, makamaka ikaikidwa m'bokosi la MP4. Nazonso `ac3`, `eac3` ndi `dts` zimavuta pa mafoni ndi mapulogalamu ena. Mankhwala ake ndi kusintha mawu okha, zithunzi osazikhudza:

```
ffmpeg -i kanema.mkv -c:v copy -c:a aac -b:a 160k watsopano.mp4
```

`-c:v copy` akusunga zithunzi mmene zilili, `-c:a aac` akusintha mawu, ndipo `-b:a 160k` akupereka mlingo wokwanira kuti khutu lisamve kusiyana kwenikweni. Izi zimatenga nthawi yochulukirapo kuposa kulumikiza chabe, koma osati kwambiri, chifukwa mawu ndi opepuka. Dziwani kuti chipangizo chokana `opus` chikhoza kukananso zithunzi za `vp9` kapena `av1`. Pa zipangizo zoterezi ndi bwino kusankhiratu `h264` ndi `aac` pokopa, monga 137 ndi 140 aja.

Ngati ngakhale VLC siikutulutsa mawu pamene mzere ulimo, yang'anani pa `Audio`, `Audio Track`, mwina pasankhidwa `Disable` kapena mzere wina wopanda kanthu. Mukhozanso kuyeza mphamvu ya mawuwo:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vn -af volumedetect -f null -
```

Kumapeto kudzatuluka `mean_volume` ndi `max_volume`. Ngati `max_volume` ili pa `-91.0 dB`, mzerewo ndi wopanda kanthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kanemayo anajambulidwa kapena kuikidwa pa intaneti alibe mawu, ndipo kwanuko palibe chimene mungakonze. Makanema otetezedwa ndi loko ya eni ake, monga a m'mapulogalamu olipira, nawonso sakonzeka ndi njirazi. Mizere yake ndi yobisidwa, ndipo imaseweretsedwa m'pulogalamu yawo yokha.

Mawu akatsogola kapena kutsalira

Mafayilo awiri ochokera pa kanema mmodzi nthawi zambiri amagwirizana okha. Akapanda kutero, onani kaye mtundu wa kusiyanako. Ngati mawu akutsogola ndi mpata womwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'zokonzeka. Mu VLC, mabatani a `j` ndi `k` amasuntha mawu ndi mamilisekondi 50 pa kudina kulikonse. Pezani malo pomwe pali kugunda koonekera, monga kuwomba m'manja kapena kutseka chitseko, muzidina mpaka diso ndi khutu zigwirizane, ndipo mulembe nambala yomwe VLC ikuonetsa. Tinene kuti mwapeza mamilisekondi 400, mawu akufunika kuchedwetsedwa:

```
ffmpeg -i zithunzi.mp4 -itsoffset 0.4 -i mawu.m4a -map 0:v:0 -map 1:a:0 -c copy wabwino.mp4
```

`-itsoffset` amagwira fayilo imene yabwera pambuyo pake, ndiye malo ake ndi ofunika. Ngati mawu ndi amene akutsalira, musunthireni kutsogolo kwa `-i` woyamba kuti zichedwe ndi zithunzi.

Koma ngati poyamba zikugwirizana kenako mpata n'kumakula, kapena kusiyana kukuyambira pakati mwadzidzidzi, `-itsoffset` sangathandize. Yerekezani `Duration` ya mafayilo awiriwo. Kusiyana kwa kachigawo ka sekondi n'kwachibadwa. Kukafika masekondi angapo, ndiye kuti tizidutswa tina tinasowa pokopa, kapena mawuwo ndi a kanema wina wofanana naye, mwina amene mwini wake anamudula n'kumuikanso. Zikatero kopaninso mzere umene uli waufupiwo kuchokera pa adiresi yomweyo imene munatenga unzake, muonenso kutalika kwake ndi ffprobe, kenako mulumikize.